Mmene Kulemba Kunayambira

Chitunda cha ku Warka

Kumwera kwa dziko la Iraki, chapafupi ndi mtsinje wa Firate, kuli chitunda chachikulu chotchedwa Warka. Masiku ano pamalopo ndi pouma, koma zaka 5,000 zapitazo panali mzinda wa Uruki, umene mwina munkakhala anthu 40,000.

Cha m'ma 1928 ndi 1929, akatswiri ofukula zinthu zakale a ku Jeremani, motsogozedwa ndi Julius Jordan, anakumba pakati pa mzindawo, pamene panali akachisi a mulungu wamkazi Inana. Pansi penipeni anapeza timapale ta dongo, tambiri totha kukwana m'chikhatho. Patimapalepo panali mabowo odinda ndi zizindikiro zojambula: mutu wa munthu, nsomba, mbale, ngala ya mbewu. M'kupita kwa zaka anafukula timapale pafupifupi 5,000, takale kwambiri tolembedwa cha m'ma 3300 Yesu asanabadwe.

Zolembedwa zakale chonchi, zopezeka pamalo opatulika, munthu akanaganiza kuti ndi mapemphero kapena mbiri ya mafumu. Koma timapaleto sitinapezeke m'chipinda chaulemu. Tinali m'zinyalala zimene omanga anathira posalaza malo oti amangepo nyumba zatsopano. Eni ake anatitaya ntchito yake itatha. Ndipo akatswiri atayamba kutimvetsa, anapeza kuti pa timapale 100 tilitonse, pafupifupi 85 tinali ta mawerengero a katundu: balere, mowa, nkhosa, nsalu ndi antchito. Totsalato tinali mindandanda ya mawu yophunzitsira alembi.

Ndakatulo munalibe ngakhale imodzi. Nanga anthu a kunkhokwe luso limeneli analitenga kuti?

Mpira wolira mkati

Yankho linachokera kumpoto kwa Iraki, pamabwinja a mzinda wa Nuzi pafupi ndi Kirkuk. Kumeneko kunapezeka chinthu cha dongo chobulungira ngati dzira, champhako, chokhala ndi timiyala pafupifupi 50 mkati. Chinthuchi chinapangidwa mochedwa, cha m'ma 1500 Yesu asanabadwe, anthu atadziwa kale kulemba, ndipo ubwino wake unali womwewo, chifukwa kunja kwake kunalembedwa mawu ofotokoza ntchito ya timiyalato.

Mu 1959 katswiri wina, A. Leo Oppenheim, anafalitsa zimene mawuwo ankanena. Unali mndandanda wa nkhosa ndi mbuzi zimene mbusa anapatsidwa kuti aziweta, zazikazi pazokha, zamphongo pazokha, ana pawokha. Chiwerengero cha ziwetozo chinali chofanana ndi cha timiyala. Kamwala kamodzi, chiweto chimodzi. Mbusa akabwerera ziweto zitachepa, mpirawo unali mboni yosanama.

Timibulu tonyozeka

Kuyambira mu 1969, mayi wina wobadwira ku Falansa, Denise Schmandt-Besserat, ankayendera nyumba zosungiramo zinthu zakale pofufuza mmene anthu anayambira kugwiritsa ntchito dongo. Ankayembekeza miphika ndi njerwa. Koma kulikonse ankapezanso timibulu ta dongo tating'ono ngati nsonga ya chala, tina tobulungira, tina tosongoka, tina taphanthiphanthi. Ofukula ena ankati nta masewera, ena ankati nzithumwa, ndipo tambiri tinangoponyedwa m'mabokosi.

Mayiyu anakumbukira mpira wa ku Nuzi. Anaona kuti timibuluti tinayamba kupezeka cha m'ma 8000 Yesu asanabadwe, nthawi imene anthu a kumeneko ankayamba kulima ndi kuweta. Maganizo ake anali akuti kambulu kalikonse kankaimira katundu wakutiwakuti: kosongoka muyezo waung'ono wa mbewu, kobulungira muyezo waukulu, kooneka ngati dzira mtsuko wa mafuta. Wofuna kusunga chikumbutso cha mitsuko isanu ankasunga timibulu tisanu.

Si onse amavomereza zonse zimene mayiyu ananena. Ena amati zizindikiro zambiri za ku Uruki sizifanana ndi kambulu kalikonse, ndipo mfundo yawo ndi yomveka. Koma pa nkhani ya manambala, umboni uli m'gawo lotsatirali ndi wovuta kuukana.

Kusunga kapena kuswa

Mizinda itakula, katundu ankadutsa m'manja ambiri, ndipo timibulu tomwazika nkosavuta kuchotsapo kamodzi. Cha m'ma 3500 Yesu asanabadwe, anthu a ku Uruki ndi a ku Susa, m'dziko la Irani, anayamba kutsekera timibulu mumpira wa dongo. Dongo likadali lofewa, mkulu ankagubuduzapo chidindo chake cha mwala wosema. Tsopano palibe akanaba kambulu popanda kuswa chidindocho.

Nzeru imeneyi inabala vuto lina. Munthu wofuna kudziwa zimene zili mkati anayenera kuswa mpira, ndipo akauswa, umboni watha.

Alembi ena anapeza njira. Asanatseke mpira, ankadinda zizindikiro kunja kwake, nthawi zina pogwiritsa ntchito timibulu tomweto. Mukakhala timibulu titatu tobulungira, kunja kunkaoneka maenje atatu obulungira. Aliyense ankatha kuwerenga mpirawo uli wotseka.

Apa mpamene panagona nkhani. Ngati zonse zikuoneka kunja, timibulu ta mkati nta ntchito yanji? Alembi anasiya kupanga mphako. Anangoumba dongo laphanthiphanthi n'kudindapo maenje. Limeneli ndilo linali phale loyamba, ndipo linalibe mawu ayi, manambala okhaokha.

Mitsuko 33 pa kaphale kamodzi

Pamalo otchedwa Godin Tepe, kumapiri a kumadzulo kwa Irani, panapezeka kaphale ka cha m'ma 3100 Yesu asanabadwe. Pali maenje atatu obulungira, maenje atatu ataliatali, ndi kachithunzi kamodzi ka mtsuko kojambulidwa ndi chosongoka. Dzenje lobulungira ndi 10, lalitali ndi 1. Kaphaleko kakunena mitsuko 33 ya mafuta.

Mwa njira yakale pakanafunika timibulu 33. Apa mlembi wajambula mtsuko kamodzi kokha, nambala n'kuiika payokha. Atangolekanitsa "zingati" ndi "chiyani", anatha kulemba katundu aliyense pongowonjezera chizindikiro chatsopano. Nkhosa inali mzere wozungulira wokhala ndi mtanda mkati. Mutu wa munthu ukaikidwa pafupi ndi mbale, tanthauzo linali kudya, kapena chakudya chogawidwa kwa antchito.

Komabe manambala a ku Uruki anazunguza akatswiri kwa zaka zambiri, chifukwa akaphatikiza, masamu sankatuluka. Katswiri wa masamu wa ku Swideni, Jöran Friberg, ndi gulu la ku Berlin la Hans Nissen, Peter Damerow ndi Robert Englund, ndiwo anamasula mfundoyi. Chizindikiro chimodzi chinkasintha mphamvu malinga ndi chinthu chowerengedwa. Dzenje lobulungira lija powerenga nkhosa linali 10, koma poyeza balere linkaimira miyezo 6. Wowerenga amayenera kuyamba wadziwa katundu wake, ndiye nambala imveke.

Kushim ndi ndani?

Pa phale lina la nthawi imeneyo pali muyezo wa balere wokwana malita pafupifupi 135,000. Tikayeza ndi ndowa za malita 20, ndi ndowa zoposa 6,700. Pambali pake palembedwa nthawi: miyezi 37. Ndiye pali zizindikiro ziwiri zimene akatswiri amaziwerenga kuti ku ndi shim.

Zizindikiro ziwirizi zili pa mapale 18, ndipo ambiri mwa mapalewo ndi okhudza balere, chimera ndi zina zofululira mowa. Zikaikidwa pamodzi sizitchula katundu aliyense. Akatswiri ambiri amaganiza kuti Kushim linali dzina la woyang'anira nkhokweyo, pamene ena amati linali udindo kapena ofesi. Ngati linali dzina, ndiye kuti mmodzi wa anthu oyambirira kudziwika ndi dzina padziko lapansi sanali mfumu kapena msilikali, koma wosunga balere wa mowa.

Dzina silijambulika ngati nsomba. Nanga mlembi akanalilemba bwanji?

Njira yake inali yobwereka kamvekedwe. M'Chichewa, mawu akuti mtengo amanena chomera cha m'nkhalango, amanenanso ndalama zogulira chinthu. Wosadziwa zilembo angajambule mtengo wa masamba pofuna kunena mtengo wa pamsika, ndipo womva Chichewa angazindikire. Asumeri, eni mizinda ya kumwera kwa Iraki, anachita zomwezo. Muvi ankautcha ti, ndipo mawu onena za moyo ankamveka chimodzimodzi, choncho chithunzi cha muvi chinayamba kuimira moyo. Bango linali gi, mawu ofanana ndi akuti kubweza. Kuchokera pamenepo chizindikiro chinatha kuimira phokoso lokha, ndipo zizindikiro ziwiri kapena zitatu zinatha kumanga dzina.

Zimenezi zinayenda pang'onopang'ono kwambiri. Panapita zaka pafupifupi 700 kuchokera pa timapale toyamba kufika pa ndakatulo ndi malangizo olembedwa, opezeka ku Fara ndi ku Abu Salabikh, a cha m'ma 2600 Yesu asanabadwe. Pofika nthawiyo zithunzi zinali zitasintha. Kukoka mzere wokhota padongo lonyowa kumatukula dongolo, choncho alembi anayamba kungodinda ndi nsonga ya bango, ndipo chizindikiro chilichonse chinasanduka gulu la timizere tokhala ngati misomali. Mutu wa munthu sunaonekenso ngati mutu.

Manda a ku Abydos

Kwa nthawi yaitali mabuku ankaphunzitsa kuti Aiguputo anatengera nzeru yolemba kwa Asumeri. Mu 1988, Mjeremani wina, Günter Dreyer, anafukula manda a mfumu ina yakale ku Abydos, m'dziko la Iguputo. Munali mitsuko ya vinyo mazanamazana, komanso timapale ta fupa ndi ta mnyanga wa njovu pafupifupi 200, kalikonse kakang'ono ngati sitampa, koboola pakona kuti kamangiriridwe pa katundu.

Pa tina panali manambala, pa tina zithunzi za mbalame, njovu ndi mapiri, zimene Dreyer anazimasulira kuti ndi mayina a madera kumene katunduyo anachokera. Mandawo ndi a cha m'ma 3200 Yesu asanabadwe, kufupi kwambiri ndi nthawi ya timapale ta ku Uruki. Popeza ta ku Uruki tinapezeka m'zinyalala, chaka chake chenicheni nchovuta kuchitchula, ndipo mkangano wa amene anayamba sunathe. Zizindikiro za mbali ziwirizi sizifanana m'maonekedwe.

Kwina kulemba kunabadwa pakokha. Ku China, zolembedwa zakale kwambiri zodziwika bwino ndi za cha m'ma 1200 Yesu asanabadwe, zozokotedwa pa mafupa a ng'ombe ndi zigoba za akamba, ndipo ndi mafunso amene mafumu a Shang ankafunsa mizimu ya makolo awo pa za mvula, nkhondo ndi matenda. Anthu a ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo anapanganso zilembo zawo Yesu asanabadwe, popanda kukumana ndi Msumeri, Mwiguputo kapena Mtchaina.