Kumva kupweteka pomeza ndi kumva ngati pakhosi pali chotupa

Kupweteka pomeza ndi kumva ngati china chake chakhala pakhosi si matenda paokha, ndi zizindikiro. Odwala amazifotokoza mosiyanasiyana: wina amati "pakhosi pandikhala kanthu", wina amati "nsima ikukakamira", wina amangoloza pachifuwa n'kunena kuti chakudya chikumawawa chikamadutsa. Kwa achipatala mawu atatuwa sakutanthauza chinthu chimodzi. Oyambawo nthawi zambiri si oopsa, pamene achiwiri ndi achitatu akhoza kukhala chiyambi cha matenda aakulu, makamaka kuno ku Malawi, dziko lomwe lili m'gulu la mayiko otsogola padziko lonse pa chiwerengero cha odwala khansa ya kummero.

Momwe chakudya chimayendera

Munthu akameza, chakudya chimadutsa pakhosi n'kulowa m'njira ya chakudya, yomwe ndi yotalika pafupifupi masentimita 25 mwa munthu wamkulu. Njirayi imatsika kuseri kwa kholingo ndi mtima mpaka kukafika m'chifu. Ili ndi minofu yomwe imafinya chakudya n'kuchikankhira pansi, ndipo imatha kutanuka kuti mbamu yaikulu idutse. Kutanukaku n'kumene kumabisa matenda. Chotupa chikhoza kumera m'kati kwa miyezi ingapo munthu osamva kanthu, ndipo chakudya cholimba chimayamba kukakamira mpata ukachepa kufika pa mamilimita 13 kapena kuchepera apo. Chinthu china chosocheretsa n'chakuti pomwe munthu akumva vuto si pomwe pali vuto nthawi zonse. Chotupa cha m'munsi, pafupi ndi chifu, chikhoza kumveka ngati chili pakhosi penipeni.

Chotupa chomwe palibe

Anthu ambiri omwe amamva kanthu pakhosi alibe chotupa chilichonse. Vutoli limadziwika ndi maonekedwe ake: silipweteka, limamveka kwambiri pomeza malovu, ndipo limachepa kapena kutha munthu akamadya. Limabwera n'kupita, thupi silitsika, ndipo nsima imadutsa bwinobwino. Kawirikawiri limayamba chifukwa cha asidi wa m'chifu yemwe amabwerera kummero, amene amachititsanso chilungulira, kapena chifukwa cha kukungika kwa minofu ya pakhosi munthu akakhala ndi nkhawa kapena chisoni. Kukhosomola pafupipafupi pofuna kuchotsa kanthuko kumangowonjezera vuto. Ngati pali chilungulira, achipatala amapereka omepurazo wa mamiligalamu 20 kwa milungu ingapo, n'kulangiza kuti munthu asagone atangomaliza kudya.

Ululu ukakhalapo, nkhani yasintha. Kupweteka pomeza kumasonyeza kuti penapake pali chilonda kapena potupa, ndipo payenera kupezeka chifukwa chake.

Zoyambitsa ululu zomwe zimachizika msanga

Chofala kwambiri ndi zilonda za pakhosi zobwera ndi chimfine, zomwe zimachuluka mu Mzuzu nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi. Zimatha zokha pasanathe sabata. Koma ngati thupi latentha kwambiri, pakhosi pali mafinya, m'khosi mwatuluka mwanabere, ndipo munthu sakukhosomola, mwina ndi mabakiteriya. Apa mankhwala ake ndi penisilini kwa masiku 10, ndipo ana ayenera kumaliza onse chifukwa mabakiteriya amenewa akapanda kuthetsedwa amatha kudzawononga mtima.

Mapiritsi nawonso amapsereza njira ya chakudya. Dokisisayikilini ndiye wodziwika bwino: munthu akammeza ndi madzi ochepa n'kugona nthawi yomweyo, kapisozi amakakamira panjira n'kusungunukira pomwepo, ndipo m'mawa mwake pachifuwa pamawawa pomeza ngakhale madzi. Kupewa kwake n'kosavuta: kumwera kapu yodzaza ya madzi ndi kukhala tsonga kwa mphindi 30. Palinso munga wa nsomba, vuto losasowa mumzinda wa Mzuzu, womwe umadya batala ndi chambo za kunyanja. Anthu amakonda kuukankha ndi mbamu yaikulu ya nsima. Nthawi zina zimatheka, koma munga ukhozanso kulowa mwakuya n'kuboola. Ululu ukapitirira tsiku limodzi, kapena thupi likatentha, n'zofunika kuchipatala.

Mwa anthu omwe ali ndi HIV, choyambitsa chachikulu ndi mafangasi a kummero. Amabwera chitetezo cha mthupi chikatsika kwambiri, makamaka CD4 ikakhala pansi pa 200, ndipo amawerengedwa m'gulu la matenda osonyeza kuti HIV yafika pa siteji 4. Wodwala amamva kuwawa kuseri kwa fupa la pachifuwa pomeza chakudya ngakhalenso madzi. Ambiri amakhala ndi zoyerayera pa lilime ndi m'masaya, ngakhale kuti ena sakhala nazo. Mankhwala ake ndi fulukonazo wa mamiligalamu 200 tsiku lililonse kwa masiku 14, ndipo ngati vuto linalidi mafangasi, ululu umachepa mkati mwa sabata yoyamba. Ukapanda kuchepa, pakhoza kukhala zilonda za mavairasi kapena chotupa, ndipo kuonjezera fulukonazo sikuthandiza. Munthu yemwe ali pa ma ARV akadwala mafangasi a kummero ayeneranso kuyezedwa kuchuluka kwa mavairasi m'magazi, chifukwa n'kutheka kuti mankhwala ake asiya kugwira ntchito kapena sakumwedwa mwandondomeko.

Khansa ya kummero

Khansa imeneyi ndi yofala m'chigawo chonse choyambira ku Ethiopia ndi Kenya, kudutsa Tanzania ndi Malawi, mpaka kummawa kwa South Africa. Yochuluka kuno ndi yomwe imamera pa khungu lam'kati mwa njira ya chakudya, makamaka chapakati, osati ya pafupi ndi chifu yomwe ndi yofala ku Ulaya ndi ku America. Imagwira amuna ndi akazi omwe, ndipo si yachilendo mwa anthu osakwana zaka 40.

Chifukwa chake si chimodzi. Fodya ndi mowa, makamaka kachasu, ndi zodziwika kale, ndipo zikaphatikizana ngozi imakula. Ofufuza akhala akuunikanso utsi wa nkhuni m'makhitchini opanda mazenera, kuwonongeka kwa mano, ndi kuchepa kwa mchere wa seleniyamu m'nthaka ya madera ambiri a Malawi. Mu 2016 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe loona zaumoyo padziko lonse inaika zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65 m'gulu la zinthu zomwe zikuoneka kuti zimayambitsa khansayi. Vuto si tiyi kapena phala, koma kutentha kwake. Mumzinda wachisanu ngati Mzuzu, momwe ambiri amakonda tiyi wofuka nthunzi, kudikira mphindi zochepa kuti azizire ndi njira yotsika mtengo kuposa zonse yodzitetezera.

Khansayi ili ndi kayendedwe kake, ndipo kumakhala bwino kukaona pa chitsanzo. Tiyerekeze bambo wa zaka 52 wa ku Chibavi mu Mzuzu, wosuta fodya. Mu Malichi akuona kuti nyama ndi nsima yolimba zikuima pachifuwa mpaka atamwera madzi. Akuganiza kuti ndi chilungulira, n'kugula mankhwala a m'mimba pagolosale. Mu Meyi wapempha kuti nsima izikhala yofewa. Mu Julayi akungodya phala ndi nthochi, malovu akuchuluka m'kamwa, chakudya chikubwerera chisanafike m'mimba, ndipo lamba walowa mabowo awiri. Achibale ena ayamba kunena kuti anadyetsedwa chinachake, ndipo mwezi wina ukutha akuyenda kwa asing'anga. Chofunika kuchiona apa ndi dongosolo lake: zolimba poyamba, zofewa pambuyo, madzi pomalizira, ndipo vuto silibwerera m'mbuyo ngakhale tsiku limodzi. Mafangasi amawawa pa chilichonse kuyambira pachiyambi, kanthu ka pakhosi kosaopsa kaja kamabwera n'kupita, koma khansa imangopita patsogolo. Mwezi woyenera kuti bamboyu aunikidwe unali Malichi.

Zizindikiro zina zimasonyeza kuti matenda afalikira. Kusasa mawu kosatha kukhoza kutanthauza kuti chotupa chakhudza mtsempha woyendetsa mawu. Kutsamwa ndi kukhosomola nthawi iliyonse munthu akamwa madzi kukhoza kutanthauza kuti chotupa chaboola mpaka m'njira ya mpweya. Mwanabere wolimba, wosapweteka, pamwamba pa fupa la m'munsi mwa khosi ndi chizindikiro chinanso.

Kuyeza kwake mu Mzuzu

Wodwala amayambira pa chipatala chaching'ono, monga cha Mapale, kapena pa chipatala cha mishoni cha St John's. Kumeneko amamufunsa mbiri ya vutolo, kumuyang'ana m'kamwa ndi tochi, kupapasa khosi kuti aone ngati pali chithokomiro kapena mwanabere, kumukweza pa sikelo, ndi kumuyeza HIV. Ngati chakudya chikukakamira, amatumizidwa ku Chipatala Chachikulu cha Mzuzu, chomwe chinatsegulidwa mu 2000 ndi thandizo la dziko la Taiwan ndipo chimalandira odwala ochokera ku Chitipa, Karonga, Rumphi, Nkhata Bay, Mzimba ndi Likoma.

Njira yotsimikizira ndi endosikopi. Wodwala amakhala osadya kwa maola 6 mpaka 8, amapoperedwa mankhwala ochititsa dzanzi pakhosi, amagona chammbali cha kumanzere, ndipo kapaipi kofewa kokhala ndi kamera kamalowetsedwa kudzera m'kamwa. Zonse zimatenga mphindi 10 kapena 15. Mafangasi amaoneka ngati timabala toyera tomatirira, pamene khansa imaoneka ngati chotupa chosasalala, chosachedwa kutuluka magazi, ndipo nthawi zina kapaipi kamalephera kudutsa. Dokotala amadula kachidutswa kakang'ono kokayeza ku labotale, chifukwa maso okha satsimikiza. Anthu ena amakana kudulidwa kachidutswaka poopa kuti kumafalitsa khansa, koma zimenezi si zoona. Kumene kulibe endosikopi, wodwala amamwetsedwa madzi oyera a bariyamu n'kujambulidwa ekisire, yomwe imaonetsa pamene njira yachepa koma siinena mtundu wa chotupa.

Chithandizo ndi malire ake

Khansa ikapezeka isanafalikire, ikhoza kuchotsedwa ndi opaleshoni, kapena kuthandizidwa ndi mankhwala a khansa pamodzi ndi kuwotcha ndi makina. Chipatala cha khansa cha boma chili ku Lilongwe, pa mtunda wa makilomita opitirira 350 kuchokera ku Mzuzu, ulendo wolemetsa kwa munthu yemwe wafooka kale ndi njala. Odwala ambiri amafika matenda atakula, ndipo cholinga chimakhala kuwathandiza kumeza ndi kuchepetsa ululu. Komwe ikupezeka, sitenti, kapaipi ka waya kofutukuka, imaikidwa pa chotupacho kuti itsegule njira, ndipo wodwala amayambanso kumwa ndi kudya zofewa pasanathe masiku ochepa. Sitenti siichiza khansa, komanso imatsekeka ngati munthu ameza nyama kapena buledi wosatafunidwa bwino. Pa ululu pali mofini wakumwa, yemwe amaperekedwa m'zipatala za boma kwaulere.

Munthu wamkulu aliyense amene chakudya chikumukakamira, amene wamva ululu pomeza kwa milungu yopitirira iwiri, kapena amene thupi likutsika popanda chifukwa chodziwika, apite kuchipatala ndipo afunse za endosikopi. Amene akulephera kumeza malovu, akubanika, kapena akusanza magazi, apite tsiku lomwelo.