Chithunzi chimene chinapita ku Joni kawiri

Pali kankhani kakafupi kamene kakhala kakuzungulira m'mafoni, ndipo aliyense amakafotokoza ngati kanachitikira kwawo. Akuti mdzukulu anatenga chithunzi chofwifwa cha agogo ake ali namwali, nachiika mu pulogalamu ya AI. Posakhalitsa chinatuluka katuni yopentedwa bwino, mtsikana akuphethira ndi kumwetulira, mphepo ikugwedeza duku. Agogo aja anagwetsa misozi nkunena kuti, "Ndine ndendende." Misoziyo sindiikayikira. Chimene ndimakayikira ndi mawu akuti ndendende, chifukwa zimenezi zinachitika m'banja mwathu, kum'mwera kwa boma la Mzimba, ndipo agogo athu ananena zina.

Kuti timvetse zimene ananenazo tiyambire kumene zithunzi za kuno zinachokera. Za kale kwambiri nzochepa. Makamera oyamba kudera la Angoni a M'mbelwa anali m'manja mwa amishoni ndi anthu aboma. Donald Fraser, amene anatsegula mishoni ya Loudon ku Embangweni mu 1902, anatulutsa buku mu 1914 lokhala ndi zithunzi za anthu a kuno. Koma zithunzi za nthawi imeneyo zinkajambulidwa kuti akazione anthu akutsidya kwa nyanja, ndipo mayi wamba wojambulidwa akusinja sankasiyiridwa pepala loti asunge m'nyumba mwake.

Chimene chinalowetsa chithunzi m'nyumba za anthu a ku Mzimba ndi ulendo. Amuna ankapita ku Halale, ku migodi ya kopa ya ku Zambia ndi ku Joni, ndipo kalata yopanda chithunzi sinkakhutiritsa. Bambo ankajambulitsa atavala jekete ndi chipewa, wayilesi ili pambali, kuti kumudzi adziwe kuti sanatchone. Mayi naye ankayankha ndi chake. Ena ankapita ku situdiyo pa boma, ena ankadikira wojambula woyenda pa njinga amene ankafika tsiku la msika kapena la ukwati, nkudzabweretsa zithunzi patapita masabata, filimu ikadzaza ndi kutsukidwa.

Cha agogo athu chili ndi chaka kumbuyo, cholembedwa ndi bolopeni: 1973. Anayenda kuchokera cha ku Embangweni kukafika pa boma la Mzimba atabereka mwana amene anabadwa bambo ake atanyamuka kale ndi Wenela. Chinapita ku Joni mu envulopu. Mu Epulo 1974 ndege yonyamula anthu ochokera ku migodi inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, nkupha Amalawi 74, ndipo boma la Malawi linaimitsa ulendo wa Wenela. Agogo aamuna anabwerera chaka chotsatira, chithunzicho chili pansi pa sutikesi. Kuyambira pamenepo chinakhala pakhoma, moyang'anizana ndi zenera.

Chithunzi chakuda ndi choyera chimapangidwa ndi tinthu ta siliva, ndipo chikatsukidwa mokwanira chimakhala zaka zambirimbiri. Koma wotsuka akafulumira, mwina posunga madzi kapena mankhwala, zotsalira za mankhwalawo zimakhala m'pepala nkumadya siliva pang'onopang'ono. Ndicho chifukwa zithunzi zambiri zakale zimasanduka zachikasu, kuyambira malo amene anali owala. Zamitundu zimene zinafala pambuyo pake zili ndi vuto lawo. Zili ndi utoto wa mitundu itatu wosanjikizana, ndipo utotowo sutha nthawi imodzi. Wobiriwira mopita kubuluu ukayamba kutha, chithunzi chonse chimafiira. Onjezani dzuwa la pazenera, utsi wa koloboyi, chinyezi cha dzinja chimene chimamatiza pepala kugalasi, ndi mphemvu.

Kufwifwa pakokha sikukadakhala tsoka. Chithunzi chilichonse chinali ndi mayi wake, negetivu, ndipo negetivu imasunga zambiri kuposa pepala. Apa ndi pamene ine ndimaona kuti tinataya chuma. Manegetivu ankatsala kwa wojambula, chifukwa ndiwo ankamubweretsera kasitomala kachiwiri. Makamera a dijito ndi mafoni atafika, ntchito ya filimu inagwa padziko lonse, moti ngakhale Kodak inalengeza mu 2012 kuti yalephera kubweza ngongole. Ojambula a m'maboma athu anasintha ntchito, ena anamwalira, ndipo makatoni a manegetivu anadyedwa ndi chiswe kapena kutenthedwa posesa m'nyumba. Palibe amene anaganiza kuti m'makatonimo munali nkhope za boma lonse. Banja lililonse linatsala ndi pepala limodzi, ndipo pepalalo likutha.

Kusandutsa nkhope ya munthu kukhala chopentedwa choyenda si kwatsopano, koma kunali ntchito ya thukuta. Filimu imafuna zithunzi 24 pa sekondi. Filimu ya Loving Vincent ya mu 2017 inafuna zithunzi pafupifupi 65,000 zopentedwa pamanja ndi anthu oposa 100. Mu Febuluwale 2021 kampani ya MyHeritage inatulutsa Deep Nostalgia, imene inkatenga nkhope ya pachithunzi chakale nkuiyendetsa potsatira kanema wa munthu wina wojambulidwa kale akuphethira ndi kutembenuza mutu. Kenako kumapeto kwa Malichi 2025 ChatGPT itayamba kujambula zithunzi mwaluso kuposa kale, dziko lonse linatengeka ndi kusandutsa zithunzi za m'banja kuti zifanane ndi makatuni a Studio Ghibli ya ku Japan. Mphepo imeneyi sinachedwe kufika ku Mzimba, chifukwa ana a ku Mzimba adakali ku Joni, ndipo gulu la banja pa WhatsApp ndilo positi ofesi ya lero.

Zimene zinachitika kwathu zidakali m'gulumo, chilichonse ndi tsiku lake, choncho ndingathe kuzitsata bwino. Mu Epulo 2025 msuweni wathu wa ku Joni anapempha chithunzi cha agogo. Mtsikana wa pakhomo anachitsitsa pakhoma, nachiika patebulo chili m'galasi momwemo, nkuchijambula ndi foni madzulo. Umu ndi mmene chinapitira ku Joni kachiwiri.

Tiyeni tiwerenge zimene zinafika kumeneko. Pepalalo ndi la masentimita 9 m'lifupi ndi 13 m'litali, ndipo popeza agogo anajambulidwa thupi lonse, nkhope yawo ndi sentimita imodzi ndi theka, ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Chithunzi chotumizidwa mwachizolowezi pa WhatsApp chimachepetsedwa kufika pa timadontho pafupifupi 1,600 mbali yaitali. Theka la malowo linali tebulo ndi felemu. Ndiye kuti nkhope yonse inatsala ndi timadontho pafupifupi 90 m'litali, pamwamba pake pali kunyezimira kwa galasi. Pa timadontho 90 mungadziwe kuti uyu ndi mtsikana wovala duku. Simungaone mpata wa pakati pa mano, ndipo mphini zimangokhala timizere ta madontho awiri.

Pulogalamu ikapatsidwa zochepa chonchi siinena kuti sindikuona. Imadzaza mipata ndi zimene inazolowera pa zithunzi zambirimbiri zimene inaphunzirirapo. Msuweni uja anadutsitsa chithunzicho katatu: koyamba kuchiyeretsa ndi kuchipaka mitundu, kachiwiri kuchisandutsa katuni, kachitatu kuchiyendetsa masekondi asanu. Pa sitepe iliyonse makina ankangoganizira pa zimene anzake anaganizira kale.

Ndinali kumudzi tsiku limene kanemayo anafika. Agogo anali pamphasa akutongola chimanga, ndipo ndinawagwirira foni pamthunzi kuti aone bwino. Mtsikana wa m'katuniyo anali wokongola, masaya osalala, maso aakulu, kumbuyo kwake mitambo yoyera ikuyenda. Anatembenuka pang'ono nkumwetulira. Agogo anaseka mpaka kutsokomola, nandiuza kuti ndibwerezenso. Anaonera kanayi. Kenako anafunsa m'Chitumbuka chawo kuti, "Kodi ameneyu ndi mwana wa ndani?"

"Ndinu, agogo. Ndi chithunzi chanu chija cha pakhoma."

Anatenga foniyo m'manja mwawo, naiyandikitsa kumaso. Anagwira pambali pa diso lawo, pamene pali mphini zitatu zimene anawatemera ali mwana atadwala maso. Pa katuni panalibe. Makina oyeretsa zithunzi anaphunzitsidwa kuchotsa zokalika, ndipo mphini pa pepala lakale zimaoneka ngati zokalika. Khungu linali loyererako kuposa lawo, chifukwa kufwifwa kwa pepala kunatengedwa ngati mtundu wa munthu. Diresi linali labuluu, pamene iwo akuti linali lofiirira. Zonsezi anazinena akumwetulira, ngati akukonza mwana amene walakwitsa nyimbo.

Kumwetulirako kunatha atayang'ana paphewa. "Nanga mwana mwamusiya kuti?"

Pa pepala lenileni, mbali ya kumanzere ndi imene inapsa kwambiri ndi dzuwa. Mutu wa mwana, wosuzumira paphewa la mayi ake, unatsala ngati banga loyera, ndipo kaphazi kake kamaoneka pang'ono m'chiuno. Makina anaona banga nkulisandutsa mtambo, kaphazi nkukhala mfundo ya chitenje. Mwanayo, amene akadakhala amalume anga, anamwalira asanakwanitse zaka zitatu, ndipo chithunzi chake china kulibe. Ulendo wonse wa ku boma mu 1973 unali wa iyeyo. Apa ndi pamene misozi ya agogo athu inatsikira.

Sindikunena kuti katuni ndi choipa. Agogo amaikondabe, ndipo alendo akabwera amauza ana kuti awaonetse "mtsikana uja". Nkhawa yanga ndi yakuti chokongola chimathamangitsa chenicheni. Patangotha sabata, katuniyo inali pa mafoni a abale onse, ena akukamba zoisindikiza pa malaya a chikondwerero cha banja, pamene pepala la 1973 linaiwalika patebulo, kapu ya tiyi ili pambali.

Mwezi wotsatira ndinapita nalo pa boma, pamalo ena pamene amakopa mapepala ndipo ali ndi sikana. Mwamwayi silinamatire kugalasi. Likamatira musalikoke, jambulitsani lili momwemo, chifukwa nkhope imatsalira pagalasi. Ndinapempha kuti aike pa 600 dpi, asankhe zamitundu ngakhale chithunzicho ndi chakuda ndi choyera, ndipo azimitse zonse zokonza zokha. Nkhope inatuluka ndi timadontho pafupifupi 350 m'malo mwa 90. Tinajambulanso kumbuyo kuli chaka. Potumiza ku Joni tinasankha Document kuti chisachepetsedwe.

Pa kompyuta tinangodetsa pang'ono mbali yopsa ija, osawonjezera kanthu. Mphini zitatu zinaoneka. M'banga loyera lija munatuluka mzere wa khutu ndi kachipewa koluka, koma maso a mwanayo anapita ndi siliva, ndipo palibe makina amene angawabweze. Msuweni anati angathe kuuza pulogalamu kuti imujambulire nkhope. Ndinawafunsa agogo, ndipo anakana. Anati ndilembe dzina lake kumbuyo kwa pepala, pansi pa chaka. Ndinalemba ndi pensulo, iwo akunditchulira chilembo chimodzichimodzi, kenako tinaika chithunzicho mu envulopu nkuchibwezera m'sutikesi imene chinabweramo.