Tinjere, Mdima wa M'mphepete ndi Kusuluka kwa Chithunzi

Zinthu zitatu zimene anthu amawonjezera pa chithunzi cha pafoni kuti chioneke chachikale zinali zilema za filimu, za lenzi ndi za pepala. Chilichonse chinali ndi gwero lake, ndipo wodziwa gwerolo amadziwanso pomwe chiyenera kuonekera.

Tinjere, timene pa Lightroom amatilemba kuti Grain, tinkachokera ku timibulu ta siliva tokhala pa filimu. Filimu yojambula bwino powala pang'ono, monga Kodak Tri-X ya ISO 400, inkakhala ndi timibulu tokulirapo, n'chifukwa chake zithunzi zake zimaoneka zokhakhala. Tisasokoneze tinjereti ndi timadontho tofiira ndi tobiriwira timene foni imatulutsa usiku. Timadonthoto timaunjikana mumdima, pomwe tinjere ta filimu timaonekera kwambiri pamalo osada kwambiri komanso osawala kwambiri. Amount imachulukitsa tinjere, Size imatikulitsa, Roughness imachititsa kuti tisafanane. Tiweruzeni chithunzi chili pa kukula kumene anthu adzachionere, chifukwa mukachichepetsa timafufutika, ndipo WhatsApp ikachipanikiza timasanduka zigamba.

Vignette ndi mdima wa m'makona, umene unkabwera chifukwa lenzi inkafikitsa kuwala kochepa m'mphepete kusiyana ndi pakati. Woonera akauzindikira msanga, ndiye kuti mwaonjeza. Amount ya -15 ndi Feather yokwera zimakwana.

Chovuta kwenikweni ndi kusuluka. Chithunzi chotsukidwa kalekale chikakhalitsa pakhoma, mbali zake zakuda zimayamba kumbuwa. Pakompyuta, kuda kotheratu ndi 0 ndipo kuyera kotheratu ndi 255. Kusulutsa ndi kugwira kadontho kakumunsi kumanzere pa Tone Curve n'kukakweza, kuti 0 afike mwina pa 25.

Tiyerekeze kuti mwajambula mayi wakhungu lakuda ataima pakhonde madzulo. Tsitsi lake lili pa 10, tsaya la kumthunzi lili pa 45. Mukakweza kadonthoko osachita china, mzere wonse umakwera nawo: tsitsi lifika cha pa 34, tsaya cha pa 66, ndipo nkhope imatuwa ngati ya munthu amene sanadzole mafuta. Zimenezi zimandipweteka ndikaziona pa zithunzi za ukwati, chifukwa mwini nkhope ndiye amaluza. Mankhwala ake ndi kuyamba mwakhoma kadontho kena pamzerewo cha pa 50 ndi kena pakati, kenako n'kukweza kakumunsi kokha mpaka 15 kapena 20. Tsitsi ndi mdima wa pachitseko zimafewa, koma tsaya limatsala ndi mtundu wake. Mukatero yang'anitsitsani pamene tsitsi lakumana ndi chipumi. Ngati malirewo asowa, tsitsani kadonthoko pang'ono musanathire tinjere.