"Ee" wa mlimi si chiganizo

Wofunsa mafunso amabwera ndi maganizo ake, ndipo nthawi zambiri amawabisa m'funso. Ntchito ya wofupikitsa zokambiranazo ndi kuonetsetsa kuti maganizo amenewo sadalowe m'kamwa mwa woyankha.

Tiyerekeze kuti papepala palembedwa chonchi. Mtolankhani: "Amayi, si zoona kodi kuti fetereza adafika mochedwa, n'chifukwa chake mwakolola zochepa?" Mayiyo: "Ee, adachedwadi. Koma kuno ng'amba idatigwira chimanga chikumasula."

Wolemba wothamanga adzati: "Mayiyu adati zokolola zachepa chifukwa fetereza adachedwa." Chiganizochi n'chosalala, koma mwini wake ndi mtolankhani. Mawu akuti "chifukwa" sadatuluke pakamwa pa mayiyo. Funso lidanyamula zinthu ziwiri, kuchedwa kwa fetereza ndi chomwe chidachepetsa zokolola. Iwo adavomera choyambacho, ndipo pa chachiwiri adaloza kwina, ku mvula. Kulemba kolondola n'kotere: "Atafunsidwa ngati kuchedwa kwa fetereza kudachepetsa zokolola, mayiyu adavomera kuti feterezayo adachedwadi, koma adatchula ng'amba yomwe idagwa chimanga chikumasula." Kwatalikirapo, inde, koma "atafunsidwa" akuuza wowerenga kuti nkhani ya fetereza adaiyambitsa ndani.

"Ee" ndiye amatipusitsa kwambiri. Kumudzi munthu akamayankhula ndi mlendo amati "ee, ee" posonyeza ulemu ndi kuti akumva, osati kuti wagwirizana nazo zonse. Komanso funso likakhala lokana, monga "Simudalandire makuponi?", "ee" amatanthauza kuti sadalandiredi. Amene akuwerenga yankho osayang'ana funso adzalemba zosemphana ndi zomwe zidanenedwa.

Njira yoyesera ndi yapafupi. Phimbani mafunso onse ndi pepala, muwerenge mayankho okha, mulembe zomwe zikuimirira pazokha. Zimenezo ndizo zoyenera "adati". Kenaka vundukulani mafunso. Mfundo iliyonse yomwe ikumveka pokhapokha funso litaoneka ilembedwe ndi "atafunsidwa" kapena "adavomera kuti". Yomwe woyankha adailumpha osaikhudza musamupatse konse. Ngati ili yofunika, nenani kuti sadayankhepo.

Aneni nawonso amanyamula katundu. "Adadandaula", "adadzudzula" ndi "adaulula" si abale a "adati". "Adaulula" akunena kuti munthuyo ankabisa, pomwe "adadzudzula" akumuika pa mkangano ndi wina. Mayi wathuyu sadadzudzule aliyense, ndipo mutamulembera choncho mwamuyambanitsa ndi alangizi a m'dera lake pa mlandu womwe sadautule. Ndimakayikiranso "akuti" m'chidule chotere, chifukwa ena amamumva ngati mphekesera. Pomwe muli ndi mawu a munthu papepala, lembani "adati", ndipo zizindikiro za mawu ogwidwa muziike pokhapo pamene mwakopera liwu ndi liwu.