Chitetezo chosaoneka m'magazi: mbiri ya IgA ya m'matumbo ndi m'mphuno

M'kati mwa matumbo a munthu muli kakhungu kopyapyala kwambiri, ka mzere umodzi wokha wa maselo, ndipo kakanatambasulidwa kakanakwana masikweyamita pafupifupi 30. Kakhungu kameneka ndi kamene kamalekanitsa magazi ndi mabakiteriya miyandamiyanda okhala m'matumbomo. Mphuno, kukhosi ndi njira za mpweya nazonso zili ndi kakhungu kofewa konyowa ndi ntchofu. Malo amenewa ndi amene tizilombo tambiri toyambitsa matenda timalowera, komabe mwa munthu wabwinobwino satupa, safiira ndiponso sapweteka. Mbali yaikulu ya ntchito yowateteza imagwiridwa ndi mtundu wina wa antibode wotchedwa IgA. Antibode ndi puloteni imene thupi limapanga kuti igwire kachilombo kamene laphunzira kukazindikira. Zinatengera akatswiri zaka zoposa 50 kuti amvetse chitetezo chimenechi, chifukwa ankachifunafuna m'magazi pamene icho chili kunja kwa magazi.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, madokotala ankakhulupirira kuti chitetezo chonse chimakhala m'magazi. Akafuna kudziwa ngati katemera wagwira, ankatenga magazi n'kuyeza maantibode. Mu 1919, Alexandre Besredka wa ku Pasteur Institute mumzinda wa Paris anaona zinthu zosagwirizana ndi maganizowa. Iye anamwetsa akalulu mabakiteriya akufa a kamwazi, ndipo akaluluwo anatetezeka ku matendawa mosatengera kuchuluka kwa maantibode m'magazi mwawo. Besredka ananena kuti matumbo ali ndi chitetezo chawochawo. Mu 1922, dokotala wina wa ku Britain, Arthur Davies, anapeza maantibode m'chimbudzi cha odwala kamwazi asanayambe kuoneka m'magazi. Umboni unalipo, koma zipangizo zosiyanitsira mitundu ya maantibode kunalibe, choncho nkhaniyi inangoti zii kwa zaka zambiri.

Zinthu zinayamba kuyenda mu 1959, pamene Joseph Heremans wa ku yunivesite ya Louvain ku Belgium anapatula m'magazi mtundu wa antibode umene pambuyo pake unatchedwa IgA. M'magazi ndi wochepa poyerekeza ndi mnzake IgG, ndipo poyamba unkaoneka ngati wopanda ntchito yaikulu. Koma mu 1961, Lars Hanson wa ku Gothenburg ku Sweden anaupeza wochuluka mumkaka wa m'mawere, ndipo anaona kuti unali wosiyanako ndi wa m'magazi. Mu 1965, Thomas Tomasi ndi anzake ku America anasonyeza kuti m'malovu ndi mumkaka woyamba IgA amayenda awiriawiri, atavala kachidutswa kena ka puloteni kamene IgA wa m'magazi alibe. Chaka chomwecho, gulu la Heremans linaona kuti pansi penipeni pa kakhungu ka matumbo pamadzaza maselo opanga IgA. Apa zinadziwika kuti antibode ameneyu amapangidwa pomwepo, sachita kudontha kuchokera m'magazi. Lero zikudziwika kuti munthu wamkulu amatulutsira m'matumbo mwake magalamu atatu mpaka asanu a IgA tsiku lililonse, ndipo thupi limapanga IgA wambiri kuposa mitundu ina yonse ya maantibode itaphatikizidwa.

Matenda amene anasonyeza bwino tanthauzo la zonsezi ndi poliyo. Kachilombo ka poliyo kamalowera pakamwa, n'kuswana kukhosi ndi m'matumbo, kenako kamatuluka m'chimbudzi kwa milungu ingapo. Mwa ana ochepa, pafupifupi mmodzi pa 200 alionse kapena kucheperapo, kamadutsa m'magazi n'kukawononga minyewa, mwana n'kulumala. Pofika zaka za m'ma 1960 panali akatemera awiri: wobaya wa Jonas Salk, wokhala ndi kachilombo kakufa, ndi wodontheza m'kamwa wa Albert Sabin, wokhala ndi kachilombo kamoyo koma kofooketsedwa. Mu 1968, Pearay Ogra ndi anzake a ku Buffalo m'chigawo cha New York anayerekeza ana olandira akatemera awiriwa. Sanayeze magazi okha, anayezanso mamina ndi madzi a m'matumbo. M'magazi, magulu onse awiri anali ndi maantibode. Koma IgA wolimbana ndi poliyo anapezeka m'mphuno ndi m'matumbo mwa ana a katemera wa m'kamwa okha.

Kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Mwana wongobayidwa salumala, pakuti kachilombo kakalowa m'magazi kamakumana ndi IgG. Koma m'matumbo mwake kachilomboko kamaswanabe, ndipo pamene zimbudzi ndi madzi aukhondo zili zosowa, amatha kupatsira ana anzake iye osadwala n'komwe. Mwana wodonthezedwa katemera amakhala ndi IgA pamalo penipeni polowera, choncho kachilombo kamavutika kukhazikika. Ofufuza ali ndi njira yoyezera zimenezi: amamwetsa mwana wotemeredwa kale madontho ena a katemera, kenako amayeza chimbudzi chake kwa milungu ingapo. Ngati kachilombo ka katemerako kakutuluka kambiri komanso kwa nthawi yaitali, ndiye kuti matumbo sanatetezeke, kaya magazi akuoneka bwino chotani. N'chifukwa chake poliyo atapezeka mwa mwana wa ku Lilongwe mu Febuluwale 2022, katemera amene anayenda khomo ndi khomo anali wa madontho. Cholinga chinali kudula njira ya kachilombo pakati pa ana, osati kungoteteza mwana mmodzimmodzi. Katemerayu ali ndi vuto lake: kumene ana ambiri sanatemeredwe, kachilombo kofooketsedwako kamatha kuyenda nthawi yaitali mpaka kubwezeretsa mphamvu yolumalitsa.

Funso lotsatira linali lakuti IgA amawoloka bwanji kakhungu kotsekeka chonchi. Yankho linabwera pang'onopang'ono. Mu 1971, Susan Craig ndi John Cebra anasonyeza pa akalulu kuti maselo opanga IgA amayambira m'timabuluma ta m'matumbo aang'ono, timene dokotala wa ku Switzerland, Johann Conrad Peyer, anatifotokoza kalekale mu 1677. Mu 1974, Robert Owen ndi Albert Jones anaona kuti pamwamba pa timabulumato pali maselo apadera, maselo a M, amene amatola zinthu zodutsa m'matumbo n'kuzipereka kwa maselo achitetezo ali pansi pake. Maselo akaphunzira kuzindikira kachilombo amachoka pamenepo, amazungulira m'magazi, n'kubwerera kudzakhazikika m'matumbo monse. Kumeneko amatulutsa IgA awiriawiri, omangidwa pamodzi ndi kapuloteni kotchedwa J.

Per Brandtzaeg wa ku Oslo ku Norway ndi amene mu 1974 anafotokoza gawo lomaliza. Kachidutswa kamene Tomasi anakaona kamapangidwa ndi maselo a kakhunguwo. Kamayamba ngati chogwirira kunsi kwa selo, chimene lero chimatchedwa pIgR. Chogwirirachi chimakola IgA wokhala ndi J, chimamulowetsa m'selo, chimamudutsitsa mpaka pamwamba, ndipo pamenepo chimaduka. Mbali yodukayo imatsala itakulunga IgA. Imamuteteza ku timadzi togaya chakudya timene tikanamugaya ngati nyama, ndipo shuga wokhala pa iyo amamuthandiza kukanirira mu ntchofu. Ulendo wa maselo uja umafikanso kumawere. Mu 1975, gulu la Hanson linamwetsa amayi oyembekezera mtundu wosavulaza wa bakiteriya wa E. coli, ndipo pasanapite nthawi linapeza mumkaka wawo woyamba maselo opanga IgA wolimbana ndi bakiteriya yemweyo. Khanda limabadwa lisanayambe kupanga IgA wokwanira, choncho mkaka woyamba wachikasu uja, umene ena amaufinyira pansi pouyesa woipa, umalipatsa chitetezo chopangidwira tizilombo ta pakhomo pomwepo.

Chochititsa chidwi kwambiri ndi mmene IgA amagwirira ntchito popanda kutupitsa. M'magazi ndi m'minofu, IgG akagwira bakiteriya amadzutsa gulu la mapuloteni otchedwa komplimenti ndiponso amaitana maselo oyera odya tizilombo. Mitsempha imatseguka, madzi amatuluka, malowo amatentha, amafiira, amatupa, ndipo maselo abwino amawonongeka nawo. Pa chilonda cha pamwendo zimenezi n'zopindulitsa. Zitamachitika m'matumbo pa chakudya chilichonse ndi pa bakiteriya aliyense, kakhungu kaja kakanang'ambika ndipo munthu akanamangotsegula m'mimba. IgA wa mu ntchofu saitana aliyense. Sagwirana bwino ndi puloteni yoyambitsa komplimenti, kachidutswa komukulunga kaja kamatchinga pamene maselo oyera akanamugwira, ndipo maselo odya tizilombo okhala m'khoma la matumbo nthawi zambiri alibe n'komwe chomugwirira. Iye amachita ngati mlonda wa pageti amene amabweza mlendo wosafunika popanda kuimba wenzulo yodzutsa mudzi wonse.

Kubweza kumeneku kunaonetsedwa mu 1972, pamene Williams ndi Gibbons ku Boston anasonyeza kuti IgA wa m'malovu amalepheretsa mabakiteriya a m'kamwa kumatirira ku maselo. Bakiteriya kapena vayirasi ikalephera kumatirira singalowe. Popeza IgA wa awiriawiri ali ndi manja anayi ogwirira, amamanga tizilombo m'timagulu tolemera tosatha kudutsa mu ntchofu. M'matumbo timagulu timeneti timatuluka ndi chimbudzi, ndipo m'njira za mpweya titsitsi tating'ono timakankhira ntchofu kukhosi, munthu n'kumeza kapena kulavula. Poizoni wa kolera naye akagwidwa ndi IgA amalephera kukhala pa selo. Mu 2017, gulu la Emma Slack ku Zurich linawonjezera mfundo ina pofufuza Salmonella mu mbewa: bakiteriya wokutidwa ndi IgA akagawika pawiri, ana akewo amalephera kulekana, motero mbadwo wonse umakulira pa unyolo umodzi mpaka kutulutsidwa.

Chitetezochi chili ndi malire. Mabakiteriya ena oyambitsa chibayo, matenda oumitsa khosi ndi chinzonono amatulutsa mapuloteni odula mtundu umodzi wa IgA pakati, zimene Andrew Plaut ndi anzake anazifotokoza m'zaka za m'ma 1970. Palinso anthu obadwa osapanga IgA, pafupifupi mmodzi pa 600 alionse mwa anthu a ku Ulaya. Ambiri a iwo sadziwa n'komwe, chifukwa antibode wina, IgM, amadutsa pa chogwirira chomwecho n'kugwirako ntchitoyo, koma ena amadwaladwala chifuwa, matenda a m'mphuno ndi kutsegula m'mimba. Kuchipatala vutoli limadziwika poyeza IgA m'magazi.

Malire ovuta kwambiri akuoneka pa akatemera akumwa. Pa kafukufuku wa katemera wa rota amene zotsatira zake zinatuluka mu 2010, katemerayu anachepetsa kutsegula m'mimba koopsa kobwera ndi vayirasi ya rota ndi pafupifupi 77 peresenti ku South Africa, koma ndi 49 peresenti yokha ku Malawi. Dziko la Malawi linayambabe kumupereka mu 2012, ndipo linachita bwino, chifukwa kumene matenda ali ochuluka ngakhale theka la chitetezo limapulumutsa ana ambiri. Ofufuza akuganizira zifukwa zingapo za kusiyanaku: kuperewera kwa zakudya m'thupi, maantibode a mayi amene amagwira katemera asanaswane, ndiponso kutupa kosalekeza kwa matumbo a ana okulira pakati pa tizilombo tambiri. Poyeza ngati katemera wa rota wagwira, ofufuza ambiri amadalirabe IgA wa m'magazi, chifukwa wa m'chimbudzi amasinthasintha ndipo mwa khanda loyamwa amasakanikirana ndi wochokera mumkaka wa mayi.