Droni imachita zimene masensa ake ayiuza

Mu Malichi 2016, UNICEF ndi kampani ya Matternet anayesa kuulutsa droni kuchokera ku chipatala chaching'ono cha mu Lilongwe kukafika ku Kamuzu Central, mtunda wa makilomita pafupifupi 10, pofuna kuona ngati magazi oyezetsa a makanda angamayende mumlengalenga. Chaka chotsatira boma linatsegula dera loyeserera madroni ku Kasungu, ndipo mu Januwale 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata mu Lilongwe momwemo kupanga ndi kuulutsa makinawa. Lero sizodabwitsa kupeza mnyamata ku Kawale kapena mtsikana ku Area 23 akulumikiza mawaya pa kabokosi ka Pixhawk. Onsewa amakumana ndi mawu awiri droni isananyamuke koyamba: kalibulesheni ndi felosefu. Ambiri amawatenga ngati ntchito ziwiri, yoyamba yothandiza kuti droni iziuluka mokoma, yachiwiri yoipulumutsa zikavuta. Ine ndikuti ndi ntchito imodzi, ndipo felosefu yoikidwa pa masensa osawongoledwa ikhoza kubweretsa ngozi yomwe imafuna kupewa.

Kabokosi koyendetsa droni, kamene akatswiri amati fulaiti kontirola, kalibe maso. Kamadziwa kupendekeka kwake kudzera mu akiselerometa ndi jairo, kutalika kwake kudzera mu barometa yoyeza kupanikizika kwa mpweya, komwe kayang'ana kudzera mu kampasi, ndi pomwe kali kudzera mu GPS. Kalibulesheni ndi kuonetsa sensa chinthu chodziwika kale kuti kabokosi kadziwe kuti sensayo imaphonya ndi zingati. Wogula chimanga akaika mwala wodziwika kulemera pa sikelo yake amachita zomwezo. Pa akiselerometa, pulogalamu ya Mission Planner imakuuza kuti uike droni m'njira zisanu ndi imodzi: chokhazikika, chammbali kumanzere, kumanja, mphuno pansi, mphuno m'mwamba, ndi chagada. Chodziwika kale pamenepo ndi mphamvu yokokera zinthu pansi. Ukachita gawo loyamba pa tebulo lopendekeka, droni idzakhulupirira kuti kupendekekako ndiye kuwongoka, ndipo ikangonyamuka idzayamba kutsetserekera mbali imodzi woyendetsa asanakhudze chilichonse.

Kampasi ndiye imavuta kwambiri m'makwalala athu. Imamva maginito a dziko, omwe ndi ofooka moti chitsulo chapafupi chimawapotoza. Khonde la ku Biwi kapena ku Chinsapo lili ndi malata pamwamba, mabagalaba pazenera, geti lachitsulo, mwinanso wowotcherera zitsulo kuseri kwa mpanda. Wozunguza droni pochita kalibulesheni ya kampasi pamalo otere amaiphunzitsa maginito a khondelo, ndipo ikakwera m'mwamba imapeza maginito ena. Chizindikiro chake n'chosasokonekera: ukaiuza kuti iime malo amodzi, imayamba kuzungulira, bwalo lake likukulirakulira, chifukwa GPS ikunena zoona kuti yasuntha koma kampasi ikuilozera kolakwika pobwerera. Nchifukwa chake ntchitoyi imafuna bwalo lampira, foni ndi makiyi zili patali, ndipo kampasiyo imamangidwa pa kamtengo kake kutali ndi mawaya a batire, poti nawonso amapanga maginito mainjini akamakoka magetsi.

Felosefu ndi chiganizo chimene mwini droni amapangiratu ali pansi: rimoti ikaduka, kapena batire ikatsika, uchite chakuti. Chomwe ambiri amasankha ndi `RTL`, kubwerera pomwe inanyamukira. Kuti droni ibwerere, imafunsa barometa kuti ikwere, GPS kuti idziwe kwawo, ndi kampasi kuti iloze njira. Kampasi ikakhala yopotoka kwambiri, lamulo lobwerera lija ndi limene lingaithamangitse kupita kwina, pa nthawi yomwe woyendetsa alibenso ulamuliro.

Titenge droni ya mapiko anayi ya ArduPilot, ya batire ya maselo anayi. Batireyo ikadzadza imakhala pa mavoti 16.8, ndipo anthu ambiri amafuna kuti droni ibwerere selo lililonse likafika pa 3.5, ndiye kuti 14.0 onse pamodzi. Nambala yomwe imabwera kale mu `BATT_LOW_VOLT` ndi 10.5, yoyenera maselo atatu. Ukaisiya, batire ya maselo anayi imatha droni isanadandaule n'komwe. Ukalemba 14.0 sunamalizebe, chifukwa kachipangizo koyeza mavoti nakonso ndi sensa. Tiyerekeze kuti pa sikirini pakuoneka 14.6 pamene mita yamanja ikuwerenga 14.0 pa batire yomweyo. Felosefu idzadikira mpaka sikirini ifike pa 14.0, batire yeniyeni ili cha pa 13.4, pomwe mphamvu yake imagwa mofulumira, ndipo droni ikhoza kuthera panjira. Mankhwala ake ndi kuyeza ndi mita n'kukonza `BATT_VOLT_MULT` mpaka manambala awiriwo agwirizane. Pali kenanso: Lilongwe ili pamtunda woposa mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya ndi wopepukirako, choncho mainjini amakoka magetsi ochulukirapo kuti anyamule katundu yemweyo. Mphindi zouluka zimene wina anapeza kugombe si zoti n'kuzidalira ku Area 25.

Kutalika kobwererako, `RTL_ALT`, kumabwera pa 1500, ndipo nambalayo ndi ya masentimita, kutanthauza mamita 15. Mitengo ya bulugama ndi nsanja za mafoni zimapitirira pamenepo, ndipo droni yopanda masensa oonera kutsogolo imangowongoka. Nambala yoyenera imachokera pa kuyang'ana chinthu chachitali koposa pakati pa droni ndi pomwe inanyamukira.

Wina anganene kuti pulogalamu imadziyang'anira yokha: ikapeza vuto imakana kuyatsa mainjini n'kulemba uthenga woyamba ndi `PreArm`. Nzoona, ndipo wozimitsa `ARMING_CHECK` chifukwa chotopa ndi mauthengawo akuseweretsa miyoyo ya anthu. Koma zomwe pulogalamu imatha kuona ndi ngati kalibulesheni inachitika ndiponso ngati masensa akugwirizana. Singadziwe kuti tebulo linali lopendekeka, kuti mita ikuwerenga zina, kapena kuti pali bulugama kuseri kwa sukulu. Wina angatinso woyendetsa waluso safuna zonsezi. Luso limagwira ntchito rimoti ikamamveka, pamene felosefu ya rimoti inapangidwira nthawi imene sikumveka. Ndipo apa pali msampha: marisiva ena, uthenga ukaduka, amangopitiriza kutumiza lamulo lomaliza lomwe analandira, kabokosi n'kumaganiza kuti zonse zili bwino. Kulemba `FS_THR_ENABLE` sikokwanira. Uyenera kuchotsa mapiko onse, kuyatsa mainjini, kuzimitsa rimoti, n'kuona ndi maso ako kuti pa sikirini patuluka uthenga wa felosefu ndipo mainjini azima.

Funso lolemera ndi lakuti: ngati kubwerera kumadalira masensa ambiri chotere, bwanji osangoiuza droni kuti itere pomwe ili? Kutera kumafunadi zochepa, ndipo GPS ikasokonekera ArduPilot yokha imasankha kutera. Pa munda wokolola kale ku Kasungu ndi chisankho chabwino. Koma pamwamba pa Mgona, pomwe droni ili ndi padenga la munthu, pa mawaya a magetsi, kapena pakati pa ana amene akuthamangira kuti akaione mapiko akuzungulirabe. Palibe nambala ya mu pulogalamu yomwe ingakonze zimenezo. Chotero ulendo woyamba suyenera kuchitikira pakati pa nyumba konse, ndiponso kwa a ku Area 25, bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi silili patali, choncho chilolezo cha akuluakulu oona za ndege chiyambe chapezeka. Pa bwalo lopanda anthu, droni iyambe yakwera mamita awiri kapena atatu ikuyendetsedwa ndi manja, kenako iyesedwe kuima payokha. Ikaima osazungulira, woyendetsa aitalikitse pang'ono n'kusindikiza `RTL` dala, chala chili pa switchi yobwezera ulamuliro m'manja mwake.