Mawu a Salimini

Mtanthauziramawu amasunga mawu okhawo amene womulemba anawamva. M'zaka za m'ma 1850, mmishonale Johannes Rebmann ali pafupi ndi Mombasa anakumana ndi Salimini, munthu wogwidwa ukapolo kuno kwathu. Ankamufunsa liwu ndi liwu, nkumalemba. Buku linatuluka mu 1877, ndipo mawu ake anachokera pakamwa pa munthu mmodziyo. Liwu limene Salimini sanalitchule silinalowemo. Nchifukwa chake olemba a masiku ano amafufuza m'mabuku, m'nyuzipepala ndi m'zolankhula za madera osiyanasiyana, ndipo liwu limalowa likamveka kwa anthu ambiri kwa nthawi yaitali.

Rebmann ankamasulira m'Chingerezi. Koma Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa mu 2000 anafotokoza mawu athu m'chiyankhulo chathu chomwe, ndipo apa mpovuta. Ukalemba kuti kusinja ndi kutibula, kutibula ndi kusinja, wowerenga wangozungulira. Umayamba watchula mtundu wa chinthucho, kenako chochisiyanitsa ndi zinzake. Tinene mtondo: chiwiya chamtengo chogoba, chosinjiramo ndi munsi. "Chiwiya" watchula mtundu, mawu otsalawo ausiyanitsa ndi mphika kapena lichero.